Mafunso ndi mayankho: kutsimikizira kuti mathirayango awiri ndi ofanana ndendende, mfundo iliyonse ndi chifukwa chake

Mafunso otsatirawa ndi amene ophunzira a ku sekondale kuno ku Chipata, ku Katete ndi ku Chadiza amafunsa kawirikawiri akapatsidwa pepala la ntchito ya jiyometiri lokhala ndi madanga awiri, lakumanzere la mfundo ndi lakumanja la zifukwa. Pamayeso zifukwazo zimalembedwa m'Chingelezi, koma kaganizidwe kake ndi kamodzimodzi, choncho pano tazifotokoza m'Chichewa ndipo zizindikiro za masamu tazisiya monga momwe zimaonekera papepala.

Kodi funso limafuna chiyani likanena kuti titsimikizire kuti △ABC ≅ △DEF?

Limafuna kuti muonetse kuti thirayango imodzi itadulidwa ndi kuikidwa pamwamba pa inzake, zikhoza kukwanirana popanda chotsala, ngakhale zitafunika kuti muizungulize kapena kuitembenuza chadodolido. Izi zikutanthauza zinthu zisanu ndi chimodzi nthawi imodzi: mbali zitatu za thirayango yoyamba ndi zofanana ndi mbali zitatu za yachiwiri, ndipo ngodya zitatu ndi zofanananso. Simufunika kuonetsa zonsezo. Mukaonetsa zitatu zosankhidwa bwino, zitatu zotsalazo zimabwera zokha, ndipo ntchito yonse ya pepalalo yagona pa kupeza zitatu zoyenerazo ndi kunena kumene mwazitenga.

Magulu ovomerezeka a zinthu zitatu ndi awa. SSS ndi mbali zonse zitatu. SAS ndi mbali ziwiri pamodzi ndi ngodya imene ili pakati pa mbali ziwirizo. ASA ndi ngodya ziwiri pamodzi ndi mbali imene ili pakati pake, pamene AAS ndi ngodya ziwiri pamodzi ndi mbali imene siili pakati. RHS imagwira ntchito pa mathirayango okhala ndi ngodya ya 90° okha, ndipo imafuna ngodyayo, mbali yoyang'anizana nayo yotchedwa haipotenyusi, ndi mbali ina imodzi.

Kodi chimene chimaloledwa kulembedwa m'danga la zifukwa ndi chiyani?

Chifukwa chimachokera ku malo atatu okha. Malo oyamba ndi zimene funso lakupatsani, kaya m'mawu kapena m'zizindikiro za pachithunzi, monga timizere tofanana todula mbali ziwiri, timivi tosonyeza kuti mizere ndi yaparalelo, kapena kabokosi kakang'ono ka pangodya ya 90°. Malo achiwiri ndi matanthauzo ndi malamulo a jiyometiri amene anatsimikiziridwa kale, mwachitsanzo lamulo lakuti ngodya za m'thirayango zikaphatikizidwa zimakwana 180°. Malo achitatu ndi masitepe a pamwamba mu umboni womwewo, amene inu mwawalemba kale ndi kuwapatsa zifukwa zake.

Maonekedwe a chithunzi sali m'gulu limeneli. Wophunzira akalemba kuti AB = DE kenako kumanja n'kulemba kuti «zikuoneka pachithunzi», sanapereke chifukwa chilichonse, chifukwa zithunzi za m'mapepala a masamu nthawi zambiri sizijambulidwa motsatira muyeso weniweni. Chithunzi chimakuuzani mokhulupirika za kaimidwe ka zinthu, monga kuti mizere iwiri yadutsana pa M kapena kuti D ili pa mzere BC, koma sichikuuzani kuti mbali ziwiri ndi zotalika mofanana pokhapokha ngati zaikidwa chizindikiro.

Nanga ndikayeza ndi rula ndi choyezera ngodya n'kupeza kuti ndi zofanana?

Kuyeza kumakuthandizani kudziwa kumene mungayambire, koma si umboni. Rula sangasiyanitse 6.0 cm ndi 6.02 cm, komanso zimene mwayeza zimakhudza chithunzi chimodzi chokhacho, pamene umboni umayenera kugwira pa thirayango iliyonse yokwaniritsa zimene funso lapereka.

Mungationetse umboni wathunthu, kuyambira poyamba mpaka pomaliza?

Tengani funso ili. Mizere AC ndi BD yadutsana pa M. Funso lanena kuti M ili pakati penipeni pa AC, ndiponso kuti AB ndi yaparalelo ndi CD. Tsimikizirani kuti △ABM ≅ △CDM, ndipo kuchokera pamenepo onetsani kuti BM = DM. Ngati mukujambula nokha, ikani A kumanzere kumwamba, B kumanja kumwamba, C kumanja kumunsi ndi D kumanzere kumunsi, ndipo mudzaona mathirayango awiri okhudzana nsonga pa M, ina pamwamba ina pansi.

Musanalembe chilichonse m'madanga, werengani zimene muli nazo. Za kutalika kwa mbali, funso lakupatsani chinthu chimodzi chokha, chakuti AM ndi CM ndi zofanana. Zimenezi zikuchotseratu SSS ndi SAS, popeza yoyambayo imafuna mbali zitatu ndipo yachiwiriyo imafuna ziwiri. Palibe ngodya ya 90° imene yatchulidwa, choncho RHS nayonso yachoka. Mwatsala ndi ASA kapena AAS, ndipo tsopano mukudziwa kuti chimene mukusaka ndi ngodya ziwiri. Mawu akuti paralelo sanaikidwe m'funso mwangozi: kulikonse kumene mizere yaparalelo yadulidwa ndi mzere wina, pamakhala ngodya zofanana. Kudutsana kwa mizere pa M nakonso kumabala ngodya zofanana zoyang'anizana.

| Sitepe | Mfundo | Chifukwa |
|---|---|---|
| 1 | M ili pakati penipeni pa AC | Zapatsidwa m'funso |
| 2 | AM = CM | Pakati penipeni pamagawa mzere magawo awiri ofanana (sitepe 1) |
| 3 | AB ∥ CD | Zapatsidwa m'funso |
| 4 | ∠BAM = ∠DCM | Ngodya zosinthana mbali, AC yadula mizere yaparalelo (sitepe 3) |
| 5 | ∠AMB = ∠CMD | Ngodya zoyang'anizana podutsana AC ndi BD |
| 6 | △ABM ≅ △CDM | ASA (masitepe 4, 2 ndi 5) |
| 7 | BM = DM | Mbali zolingana malo za mathirayango ofanana ndendende (sitepe 6) |

Onani bwino sitepe 4. Ngodya zosinthana mbali, zimene ambiri amazizindikira ndi maonekedwe a chilembo Z, zimafanana pokhapokha ngati mizere iwiriyo ndi yaparalelo. Z akhoza kujambulika pa mizere ina iliyonse iwiri, ngakhale yosayendera limodzi, ndipo pamenepo ngodya zake sizifanana. N'chifukwa chake sitepe 3 iyenera kukhala pamwamba pa sitepe 4, ndipo chifukwa cha sitepe 4 chiyenera kutchula kuti mizereyo ndi yaparalelo. Wophunzira amene walemba kuti «ngodya zosinthana mbali» n'kusiyira pomwepo wasiya mawu amene anyamula mfundo yonse. Sitepe 5 ndi yosiyana: ngodya zoyang'anizana sizidalira paralelo, zimangofuna kuti AMC ndi BMD ikhale mizere yowongoka, ndipo funso lanena kale zimenezo.

Pa sitepe 6, ndalemba manambala mu dongosolo la 4, 2, 5 mwadala, kuti agwirizane ndi zilembo: ngodya ya pa A, mbali AM, ngodya ya pa M. Mbali AM imayambira pa A n'kukathera pa M, ndiye kuti ilidi pakati pa ngodya ziwirizo, ndipo ASA ndi dzina lake loyenera.

Kodi pali njira imodzi yokha yolondola pa funso limeneli?

Ayi. M'malo mwa sitepe 4 mukanatha kugwiritsa ntchito mzere BD ngati wodula mizere yaparalelo ija, n'kulemba kuti ∠ABM = ∠CDM. Mukatero ngodya zanu ndi za pa B ndi pa M, ndipo mbali ya pakati pa ngodya zimenezo ndi BM, imene simukudziwa kanthu za iyo. Mbali imene muli nayo ikadali AM, imene tsopano ili kunja, choncho chifukwa cha sitepe 6 chimasintha kukhala AAS. Umboniwo ndi wabwinobwino. Cholakwika chimabwera pamene wophunzira wasankha ngodya za pa B ndi pa M koma n'kulembabe ASA chifukwa ndi imene mnzake wa pa desiki walemba. Aphunzitsi ndi mabuku ena amaphatikiza ziwirizi pansi pa dzina limodzi, popeza mukadziwa ngodya ziwiri yachitatu imadziwika pochotsa pa 180°, koma ngati kalasi yanu imazisiyanitsa, dzina liyenera kugwirizana ndi masitepe amene inuyo mwalemba.

Pa AAS pali msampha wina. Mbaliyo iyenera kukhala pamalo olingana m'mathirayango onse awiri. Tiyerekeze kuti mathirayango awiri ali ndi ngodya za 40°, 60° ndi 80°, ndipo iliyonse ili ndi mbali ya 5 cm. Ngati mu yoyamba mbali ya 5 cm yayang'anizana ndi ngodya ya 40° pamene mu yachiwiri yayang'anizana ndi ngodya ya 80°, mathirayangowo si ofanana ndendende, chifukwa mu yoyamba 5 cm ndi mbali yaifupi kuposa zonse pamene mu yachiwiri ndi yaitali kuposa zonse.

Chifukwa chiyani sindingalembe kuti AB = CD koyambirira, popeza ndi zoona?

Ndi zoonadi, ndipo n'chifukwa chake cholakwika chimenechi ndi chovuta kuchiona. Pachithunzi AB ndi CD ndi zotalika mofanana, koma timadziwa zimenezo kudzera mu sitepe 6, osati isanafike. Mukazilemba pa sitepe 2 kuti zikuthandizeni kufika pa sitepe 6, mwagwiritsa ntchito chotsatira cha umboni ngati poyambira pake, ndipo umboni wotero umangozungulira pamodzimodzi. Kawirikawiri wophunzira amalemba kumanja kuti «mbali zoyang'anizana za paralelogiramu», pamene funso silinanene kuti ABCD ndi paralelogiramu. Lanena kuti AB ndi yaparalelo ndi CD basi, ndipo mbali ziwiri zokha zaparalelo sizikwanira kupanga paralelogiramu.

Njira yoyesera umboni wanu ndi iyi. Phimbani masitepe onse a m'munsi ndi pepala, kenako werengani sitepe imodzi n'kudzifunsa ngati chifukwa chake chingaime pogwiritsa ntchito zimene zikuoneka pamwamba pokha. Ngati mukufunika kusuzumira pansi pa pepalalo, sitepeyo ili pamalo olakwika. Chizindikiro china chosavuta ndi chakuti mawu akuti «mbali zolingana malo za mathirayango ofanana ndendende» sangaoneke pamwamba pa sitepe yokhala ndi chizindikiro cha ≅.

Kodi dongosolo la zilembo m'dzina la thirayango lili ndi ntchito?

Lili ndi ntchito yaikulu, chifukwa dzinalo limanena nsonga imene ikugwera pa inzake. Polemba kuti △ABM ≅ △CDM mukunena kuti A ikugwera pa C, B pa D, ndi M pa M. Kuchokera pamenepo mukhoza kuwerenga mbali zonse osayang'ana chithunzi: zilembo ziwiri zoyamba zimapereka AB = CD, ziwiri zomaliza zimapereka BM = DM, ndipo choyamba ndi chomaliza zimapereka AM = CM. Mukalemba kuti △ABM ≅ △DCM mwanena kuti A ikugwera pa D, ndipo potero mwanena kuti AM = DM, chinthu chimene funso silinapereke ndipo nthawi zambiri si choona. Mukhoza kuyamba ndi nsonga iliyonse imene mukufuna, monga △MAB ≅ △MCD, bola dzina lachiwiri litsatire dongosolo la loyamba. Zomwezo zimagwira pa ngodya: pa M pakumana ngodya zinayi, choncho kulemba ∠M kokha sikunena imene mukutanthauza, ndipo muyenera kulemba zilembo zitatu ndi nsongayo pakati.

Kodi ndi zofunika kulemba kuti AD = AD? Zikuoneka ngati zopanda nzeru.

N'zofunika, chifukwa mathirayango awiri akagawana mbali imodzi, monga AD, mbaliyo imawerengedwa kawiri, kamodzi ngati mbali ya thirayango yoyamba ndipo kachiwiri ngati mbali ya inzake. Chitsanzo chabwino ndi thirasi ya denga imene kalipentala wa ku Kapata angakhomere nyumba. Nsonga ya pamwamba ndi A, thabwa lopingasa la pansi ndi BC, matabwa awiri otsetsereka ndi AB ndi AC, ndipo thabwa loimirira pakati ndi AD. Tinene kuti funso lapereka kuti AB = AC ndiponso kuti AD yaima pa BC pa ngodya ya 90°. Masitepe ake ndi akuti ∠ADB = ∠ADC = 90° popeza AD yaima chilili pa BC; AB = AC popeza zapatsidwa, ndipo zimenezi ndi mahaipotenyusi chifukwa zayang'anizana ndi ngodya za 90°; AD = AD popeza ndi mbali yogawana. Choncho △ABD ≅ △ACD mwa RHS, ndipo BD = CD. Mukachotsa sitepe ya mbali yogawana, mwatsala ndi zinthu ziwiri zokha, ndipo palibe lamulo lovomereza ziwiri.

Manambala amagwirizana ndi zimenezi. Ngati matabwa otsetsereka ndi a 2.6 m lililonse ndipo loimirira ndi la 1 m, lamulo la Pythagoras limapereka BD² = 2.6² − 1² = 5.76, ndiye kuti BD = 2.4 m, ndipo kuwerengera komweko kumapereka CD = 2.4 m.

Chithunzi chomwechi chikhoza kubwera ndi zopatsidwa zina, ndipo apa ndi pamene oloweza mayankho amagwa. Funso likanena kuti AB = AC ndi kuti D ili pakati penipeni pa BC, osatchula 90°, simungagwiritse ntchito RHS ngakhale AD ikuoneka yoima chilili. Muli ndi AB = AC, BD = CD ndi AD = AD, choncho chifukwa ndi SSS. Ngodya ya 90° imabwera pambuyo pake: ∠ADB = ∠ADC chifukwa mathirayango ndi ofanana ndendende, ndipo popeza ziwirizi zili pa mzere wowongoka BC zimakwana 180°, iliyonse ndi 90°. Chithunzi ndi chimodzi, koma chimene chinali poyambira m'funso loyamba chasanduka pothera m'funso lachiwiri.

N'chifukwa chiyani SSA ndi AAA sizivomerezedwa?

AAA, kutanthauza ngodya zonse zitatu, ndi yosavuta kuikana. Thirayango ya mbali 3 cm, 4 cm ndi 5 cm ili ndi ngodya zofanana ndi za thirayango ya 6 cm, 8 cm ndi 10 cm, koma yachiwiriyo ndi yaikulu. Ngodya zimasunga maonekedwe, sizisunga kukula.

SSA, kutanthauza mbali ziwiri ndi ngodya imene siili pakati pake, imafuna kuti muijambule nokha kuti mukhutire. Jambulani AB = 10 cm. Pa A yezani ngodya ya 30° ndi kujambula mzere wautali. Tsegulani kampasi pa 6 cm, ikani nsonga yake pa B, ndipo zungulizani. Mudzapeza kuti pensulo yadula mzere uja pawiri, koyamba pafupifupi 5.3 cm kuchokera pa A ndipo kachiwiri pafupifupi 12 cm. Malo onse awiri akhoza kutchedwa C. Mathirayango awiri amene atuluka ali ndi AB = 10 cm, BC = 6 cm ndi ngodya ya 30° pa A, koma ina ndi yaing'ono yokhala ndi ngodya yoposa 90° pa C, pamene inayo ndi yaikulu. Zimenezi zachitika chifukwa mtunda waufupi kwambiri kuchokera pa B kufika pa mzere uja ndi 5 cm, ndipo 6 cm ili pakati pa 5 cm ndi 10 cm. Mukanatsegula kampasi kupitirira 10 cm, ikanadula mzerewo pamodzi pokha.

Apa ndi pamene RHS imamvekera. Nayonso ndi mbali ziwiri ndi ngodya yosakhala pakati, koma mbali yoyang'anizana ndi ngodya ya 90° ndi haipotenyusi, imene nthawi zonse ndi yaitali kuposa zinzake, choncho kampasi singadule pawiri. Mukagwiritsa ntchito SAS, tsatirani mbali ziwirizo ndi chala ndi kuona ngati zikukumana pa ngodya imene mwalemba. Ngati sizikukumana pamenepo, chimene muli nacho ndi SSA ngakhale mutachitcha dzina lina.

Kodi malamulo amenewa nawonso ali ndi zifukwa zake, kapena timangowakhulupirira?

Ali nazo, ndipo ndi akale. Euclid, amene ankaphunzitsa ku Alexandria m'dziko la Iguputo cha m'ma 300 Yesu asanabadwe, anawaika m'buku loyamba la mabuku ake 13 a masamu: SAS ndi mfundo ya nambala 4, SSS ndi ya nambala 8, ndipo ASA ndi AAS zili pamodzi pa nambala 26. Pa SAS iye anadalira kunyamula thirayango imodzi n'kuiika pa inzake, njira imene akatswiri a pambuyo pake anaiona kuti sinakhazikike mokwanira pa maziko amene iye anayala. Mu 1899 David Hilbert wa ku Germany anathetsa vutoli potenga gawo la SAS ngati mfundo yoyambira yosafuna umboni, n'kumanga zotsalazo pamwamba pake. Pa pepala lanu la ntchito simufunika kutsimikizira malamulowa. Mumangowatchula ngati zifukwa.

Ndichite chiyani mathirayango akalowana, ina itakwera pa inzake?

Ajambuleni padera awiriwo pambali pa chithunzi, muwayang'anitse mbali imodzi, ndipo musamutse zilembo ndi zizindikiro zonse. Mwachitsanzo, pa thirayango ABC yokhala ndi AB = AC, ikani D pa AB ndi E pa AC kotero kuti AD = AE, ndipo funso likufuna kuti muonetse kuti BE = CD. Pachithunzi choyamba mizere BE ndi CD imadutsana n'kusokoneza maso, koma mukajambula △ABE ndi △ACD padera, mudzaona kuti ngodya ya pa A ikupezeka m'mathirayango onse awiri. Imeneyi imalembedwa ngati sitepe yakeyake, ∠BAE = ∠CAD, ndipo chifukwa chake ndi ngodya yogawana. Ngodyayo ili pakati pa AB ndi AE mu thirayango yoyamba ndiponso pakati pa AC ndi AD mu yachiwiri, choncho △ABE ≅ △ACD mwa SAS, ndipo BE = CD imalembedwa pa sitepe yotsatira. Funso likapereka DB = EC m'malo mwa AD = AE, pamafunika sitepe ina yoonjezera: AD = AB − DB ndipo AE = AC − EC, ndipo popeza mwachotsa zofanana pa zofanana, AD = AE. Sitepe imeneyi iyenera kulembedwa pamwamba pa SAS, ndi manambala a masitepe amene yadalira.